Mwana Wobadwira ku Joni Akamapita Kumudzi, Neti Itsogole

Ana anga a ku Mayfair, Rosettenville, Yeoville ndi Diepsloot, Disembala akamayandikira ndimadziwa zimene zili m'mitima mwanu. Matikiti a basi mwadula kale, zikwama zadzaza ndi mabulangete, mafuta ophikira ndi nsapato za adzukulu, ndipo ena mwa inu chaka chino mukunyamula katundu woposa yense: khanda lobadwira kuno, limene agogo ake angoliona pa foni basi. Nkoyenera kuti mwana akaone kwawo. Koma nkhanga zidapangana kusanache, ndiye tiyeni tikambirane za kumene mwanayo akagone musanakwere basi pa Park Station.

Muno mu Johannesburg malungo safalikira. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo udzudzu wofalitsa malungo sukhazikika kuno. N'chifukwa chake mayi amene wachirira ku Rahima Moosa kapena ku Baragwanath amatuluka m'chikuta wopanda neti m'manja, pamene mnzake wa ku Machinga amalandira neti ku sikelo ya amayi oyembekezera. M'dziko la South Africa malungo ali kumpoto chakum'mawa kwa Limpopo, m'zigwa za Mpumalanga kufupi ndi malire a Mozambique, ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, makamaka kuyambira Seputembala mpaka Meyi. Tsono taonani njira yathu. Basi imadutsa ku Musina, kuima pa Beitbridge, kulowera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukatulukira pa Mwanza kapena pa Dedza. Mbali yaikulu ya njirayi ndi kwawo kwa udzudzu, ndipo mukukafika kumudzi mvula itagwa kale, zithaphwi zili ponseponse.

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri: "Ife tidakulira momwemo, malungo atizolowera." Ayi, mwanawe. Mphamvu imene thupi limapeza chifukwa chodwaladwala malungo imazilala munthu akakhala zaka kumalo kopanda malungo. Mayi wa kumudzi amapatsirako mwana wake kachitetezo pang'ono ka miyezi yoyambirira akadali m'mimba. Mayi amene wakhala ku Joni zaka zambiri ali ndi kochepa koti apatsire. Katemera wa malungo amene dziko la Malawi lidayamba kupereka mu Epulo 2019, woyambira mwana akakwanitsa miyezi 5, sali pa ndondomeko ya katemera wa ana kuno. Ndiye kuti khanda lanu likukafika kumudzi lilibe chokwanira m'thupi chodzitchinjirizira. Ndipo bungwe la WHO limanena kuti mwa anthu anayi alionse omwalira ndi malungo mu Africa, pafupifupi atatu ndi ana osafika zaka zisanu. Chimene chatsala pakati pa mwana wanu ndi udzudzu ndi neti. Koma neti yomweyo, ikamangidwa mwachisawawa, itha kumufunda kumaso kapena kumukola pakhosi. Nkhani yanga yagona pamenepo.

Tiyambe ndi neti yakeyo. M'masitolo a zinthu za ana kuno mumapezeka tinaneti toyera tokongola, tokhala ndi mphonje ndi maliboni, totseguka kutsogolo ngati katani. Timeneto ntokongoletsa chipinda. Tambiri mwa ito tilibe mankhwala, ndipo pamene nsalu ziwirizo zikumana pamasiya mpata. Udzudzu wa malungo sufuna khomo lalikulu. Umatsata fungo ndi mpweya wa munthu wogona, n'kumayenda pa neti usiku wonse mpaka utapeza polowera. Neti yofunika ndi ija yonyikidwa kale m'mankhwala kufakitale, yosatseguka mbali iliyonse. Ubwino wa mankhwalawo ngwakuti udzudzu ukatera pa neti umafooka n'kufa, motero ngakhale pakhale kabowo kakang'ono mwana amatetezekabe kuposa m'neti yopanda mankhwala. Werengani pa phukusi ngati palembedwa kuti ili ndi mankhwala okhalitsa. Mukalephera kuipeza kuno, tumizani ndalama kumudzi sabata ziwiri musananyamuke kuti akugulireni yatsopano. Musadalire neti ya agogo musanaione. Mwina ndi ya zaka zinayi, yodzaza ndi zigamba, kapena idapita kale kudimba kukatchinga mbewu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Neti yatsopano saitulutsa m'pepala n'kugonamo tsiku lomwelo. Imafunika kuitambasula pamthunzi, podutsa mphepo, kwa maola 24, kuti mankhwala ochuluka amene ali pamwamba apepuke. Mukapanda kutero, ena amamva kuyabwa kapena kuotcha kumaso, nanji khanda la khungu lanthete. Padzuwa musayanike, poti dzuwa limapha mphamvu ya mankhwala. Apa ndi pamene anthu a paulendo amapunthwa: afika madzulo atatopa, neti ikadali m'pepala, ndipo amati, "Lero tigone chomwecho, mawa timanga." Udzudzu umodzi usiku umodzi ukwanira. Choncho ngati mwagula kuno, iyanikeni kuno komwe musanaipinde. Ngati agula kumudzi, aimbireni kuti aiyanike ndi kuimangiratu. M'chikwama chamanja muikemo chingwe, misomali inayi, singano ndi ulusi, ndi tochi.

Tsopano tilowe m'chipinda. Tinene kuti mwafika kwa agogo ku Mangochi ndi mwana wa miyezi inayi, nyumba yake ya malata yopanda siling'i, ndipo neti imene muli nayo ndi ija yaikulu ya makona anayi, imene kawirikawiri imakhala masentimita 190 mbali ina, 180 mbali inayo, ndi 150 kutalika kuchoka padenga lake kufika pansi. Cholakwa chofala kwambiri ndicho kuimangirira pamwamba zedi, pa mitanda ya denga, mwakuti m'munsi mwake mumangolendewera, osafika pokwanira kupisa pansi pa mphasa. Cholakwa chinacho ndi kuimanga m'munsi kwambiri, denga lake n'kukhuthukira pakati, kutsala pang'ono kukhudza ogona. Werengani chonchi: pa masentimita 150 aja chotsanipo 30 opisa pansi. Zatsala 120. Ndiye kuti makona anayi a neti akhale pa msinkhu wa masentimita 120 kuchokera pamene mukupisapo, chapachifuwa pa munthu wamkulu ataimirira. Ngati mukugona pabedi, yesani kuchokera pansi pa matiresi, osati pansi pa nyumba.

Khomani misomali kapena mangani zingwe motalikirana kuposa makona a neti, kuti zingwezo zizikokera kunja. Mukatero denga la neti limakungika bwino, ndipo mbali zake zimaima njo. Yambani ndi makona awiri a kukhoma, kenaka awiri enawo, mukumakoka pang'onopang'ono. Mfundo ikhale yolimba, ndipo mukamaliza igwedezeni ndi dzanja mwamphamvu ndithu, monga angakokere mwana wamkulupo amene wadzuka usiku. Ikamasuka m'manja mwanu masana, ikadamasuka pa nkhope ya khanda usiku. Chingwe chotsala chiduleni kapena chikulungeni pamwamba pomwepo. Pasakhale chingwe, lamba kapena liboni chilichonse cholendewera pamene mwana angafikire, ndipo musapachike zidole, zovala kapena matewera pa neti. Kulemera kwake kumagwetsa denga la neti ndi kung'amba maso ake.

Neti yozungulira ija ya mkombero umodzi ndi yosavuta kumanga, koma ili ndi vuto lake. Yonse imadalira mfundo imodzi, ndipo mbali zake zimatsetsereka, mwakuti kumutu ndi kumiyendo nsalu imayandikira kwambiri wogona. Ngati ndi yokhayo imene ilipo, mangani pa mtanda weniweni wa denga ndi chingwe chopindidwa pawiri, osati pa kambedza komata ndi ulimbo, ndipo mwana agone chapakati pamene neti yatalikira.

Nanga mwanayo agone pati? Chimene madokotala a ana amalangiza ndi chakuti khanda ligone m'chipinda chimodzi ndi mayi wake, pafupi, koma pamalo akeake olimba ndi osalala, chagada, popanda pilo. Neti yaikulu ija imalola zimenezi. Yalani mkeka waukulu pansi. Pa mkekapo ikani matiresi a mayi, tinene aja a masentimita 107 m'lifupi, ndi pambali pake kabedi kopinda ka mwana kapena kamatiresi kake kolimba ka masentimita 60. Zonse pamodzi ndi 167, ndipo neti ili ndi 190. Kampata kotsalako kasiyeni ku mbali ya mwana, kuti pakati pa iye ndi neti pakhale danga. Netiyo muipise pansi pa mkeka kuzungulira konse. Mukatero mayi atha kuyamwitsa usiku osatsegula neti nkomwe, ndipo phindu lake ndi lalikulu, chifukwa nthawi iliyonse imene neti yatukulidwa usiku ndi mwayi wa udzudzu. Onetsetsani kuti pakati pa matiresi awiriwo palibe mng'alu umene mwana angagweremo chafufumimba.

Ndikudziwa kuti ambiri mudzagona naye pamodzi, monga tidaleledwera tonse, ndipo sindikudzudzulani. Koma mverani izi. Mwana asagone kumphepete kogundana ndi neti, pakuti udzudzu umaluma kudzera m'maso a neti ngati mkono kapena tsaya lagunda pamenepo. Mukaona timatuza tofiira tandandalika pa mkono umodzi kapena mbali imodzi ya nkhope m'mawa, dziwani kuti ndi mmene zachitikira. Asagonenso pakati pa akuluakulu awiri, kapena pamodzi ndi ana ena ogubuduka. Ndipo bambo amene wachokera kokacheza ndi anzake a kale atalawako, kapena amene amasuta, usiku umenewo agone pena, m'neti yakeyake. Si mwano umenewu, bambo. Tulo ta mowa sitimva kulira kwa mwana wopsinjika.

Mabulangete a ku Joni aja, olemera ngati chikopa cha ng'ombe, ngabwino m'mwezi wa Juni kuno. Ku Mangochi kapena ku Nsanje mu Disembala ndi oopsa kwa khanda. M'neti mumafunda kale pang'ono poti mphepo imachepa. Mwana avale kamalaya kopepuka ka manja aatali ndi kathalauza kofika kumapazi, ndipo ngati mpofunika kumufunditsa, kansalu kopyapyala kofika pachifuwa nkokwanira. Gwirani kumbuyo kwa khosi lake. Mukapeza thukuta, muvuleni chimodzi. Chimene simuyenera kuchita ndi kutukula neti kuti mphepo ilowe, kapena kuponya chitenje pamwamba pa neti kuti mutchinge kuwala. Chitenje chimatseka mpweya, chimalemetsa denga la neti, ndiponso chimakubisirani mwana. Muyenera kumamuona nkhope nthawi zonse popanda kusuntha kanthu.

Msinkhu wa mwana umasintha zinthu, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amadzidzimuka. Khanda la mwezi umodzi limagona pamene mwaligoneka. La miyezi inayi kapena isanu layamba kugubuduka ndi kugwira chilichonse n'kukokera kukamwa. La miyezi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi limadzikoka n'kuimirira pogwira m'mphepete mwa kabedi. Choncho neti yongoyalidwa pamwamba pa kabedi, yosamangidwa kulikonse, ndi msampha: mwana amaikokera mkati n'kudzikulunga nayo. Ngati muli ndi kabedi ka timitengo m'mbali, neti itsike kunja kwa timitengoto, osati mkati, ifike pansi ndipo muipise pansi pa mkeka umene kabediko kaimapo. Ikangolekezera m'malere, udzudzu umalowera pansi n'kukwera. Kaneti ka lasitiki kovala pakamwa pa kabedi kamagwira ntchito mwana akadali wosakhala tsonga, malinga kakhale kokungika. Akayamba kudzuka yekha, kachotseni, mumange neti yaikulu pamwamba pamene manja ake safika.

Za moto ndinene mosapsatira. Neti zimenezi ndi za ulusi wa pulasitiki. Zikakhudza lawi zimasungunuka n'kudonthera pa wogona, ndipo zimamatirira pakhungu. Kandulo, koloboyi, mbaula ndi koyilo wofukiza udzudzu zisayandikire neti, ndipo zisalowe mkati ngakhale kwa kamphindi kosintha thewera. Magetsi akazima, kuno kapena kumudzi, gwiritsani tochi kapena kuwala kwa foni. Koyiloyo utsi wake sukoma m'chifuwa cha khanda m'chipinda chotseka. Madzi akatayika saoleka.

Neti itsitsidwe dzuwa lisanalowe. Udzudzu wa malungo umaluma kuyambira chisisira mpaka m'bandakucha, makamaka pakati pa usiku. Kumudzi madzulo ndiye nthawi ya macheza, aliyense akufuna kunyamula mlendo wachokera ku Joni, azakhali, amalume, anansi. Mayi wachitsikana amachita manyazi kunena kuti mwana alowe. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Nenani mwaulemu kuti, "Amayi, mdzukulu wanuyu sadazolowere udzudzu, ndikamugoneke m'neti, mumuona bwino mawa." Palibe gogo amene angakane zimenezo. Mukamulowetsa, tukulani mbali imodzi pang'ono, lowani mowerama, pisaninso msanga, kenaka walitsani tochi m'makona anayi a denga la neti. Udzudzu umene walowa nanu umakonda kutera m'menemo. Upheni musanagone. Musatsekere mwana m'neti pamodzi ndi udzudzu.

M'mawa uliwonse yang'anani neti poiunika ndi kuwala kwa pawindo. Kabowo kolowa chala kasokeni tsiku lomwelo, kapena kamangeni mfundo. Zimene zimaboola neti ndi misomali ya bedi, bango la mphasa lothyoka, makoswe, ndi zikhadabo za ana. Masana ipindireni pamwamba. Ikada, ichapeni mofatsa ndi sopo wamba wamtanda m'beseni, osati ndi sopo waufa wamphamvu kapena mankhwala oyeretsera, osatikita pamwala, ndipo muyanike pamthunzi. Neti zimenezi zidapangidwa kuti zipirire kuchapa pafupifupi ka 20, kapena zaka zitatu, ndiye si zochapa sabata iliyonse. Madzi ochapirawo musakataye kumtsinje kapena m'dziwe la nsomba. Ena kumudzi adzakuuzani kuti neti zimabweretsa nsikidzi. Nsikidzizo zimakhala zilimo kale m'ming'alu ya khoma ndi ya bedi. Tulutsani bedi ndi mphasa padzuwa, thirani madzi otentha m'ming'alu, koma neti ibwerere pamalo pake usiku womwewo.

Pa ulendo weniweniwo neti yaikulu simungaimange. Basi ikaima pachipata usiku, mwana akhale atavala zofika kumanja ndi kumapazi, ndi masokosi. Ngati ali m'kampando konyamulira, kaneti kokungika pamwamba pake nkothandiza malinga inu muli maso pambali pake. Mafuta othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET sapaka mwana wosafika miyezi iwiri, ndipo wamkulupo samupaka m'manja, m'maso kapena pakamwa. Mankhwala akumwa oteteza ku malungo alipo, koma amatengera kulemera kwa mwana, ndipo kwa khanda laling'ono kwambiri palibe oyenera. Pitani kuchipatala ndi buku lake la sikelo sabata zingapo musananyamuke, mukafunse. Safunsa adadya phula. Ndipo ngati mwanayo ali wa masabata ochepa chabe, kapena adabadwa masiku asanakwane, ine ndinena poyera kuti ulendo wa nthawi ya mvula muusiye. Agogo adzamuona mu Juni kapena Julayi, udzudzu utachepa.

Neti imachepetsa ngozi kwambiri, koma siithetseratu, ndipo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi Januwale, mutabwerera kuno. Malungo saonekera tsiku lolumidwa. Amatenga sabata imodzi kapena kuposerapo, kawirikawiri masiku 10 mpaka 14, nthawi zina kupitirira pamenepo. Ndiye mwana wolumidwa usiku wotsiriza kumudzi amadzadwalira ku Turffontein, kumene aliyense akuganiza za chimfine kapena mano. Mwana akatentha thupi, akakana bere, akamasanza, akamangogona mofooka, kapena m'zikhatho mukayera, musayambe ndi kumupatsa panado n'kudikira mawa. Pitani naye tsiku lomwelo, ndipo mawu oyamba kwa namwino akhale akuti mwachokera ku Malawi, mudadutsa ku Mozambique, mukupempha kuti ayezedwe malungo. Akayeza koyamba n'kusapeza kanthu koma kutentha kukupitirira, bwererani akayezenso. Akakomoka, akamapuma movutika kapena akalephera kuyamwa, pitani naye usiku womwewo, osadikira kuti kuche. Khanda losafika miyezi itatu likatentha kufika madigiri 38, palibe zokambirana, nkuthamanga basi.

Ngakhale amene simukupita kumudzi chaka chino, nkhaniyi ikukukhudzaniko. Bungwe la NICD, limene lili ku Sandringham muno mu Johannesburg, lakhala likulengeza za anthu a m'chigawo cha Gauteng odwala malungo asanapiteko kumalo a malungo, chifukwa cha udzudzu wokwera nawo m'mabasi, m'matakisi ndi m'katundu. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika matendawo amazindikirika mochedwa. Ngati m'nyumba mwanu mumafikira alendo ochokera kumudzi, kapena mumakhala pafupi ndi pamene mabasi amatsitsira katundu, zikwama zitsegulidwire panja, kutali ndi pogona mwana, ndipo kumanga neti m'miyezi yotentha si kulakwa.

Inu akuluakulu a m'mipingo, m'mizikiti ndi m'magulu a maliro kuno ku Joni, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukamatsanzikana ndi banja limene likupita kumudzi ndi khanda, lifunseni ngati neti yagulidwa, ngati yayanikidwa, ndiponso ngati kumudziko alipo amene akaimange iwo asanafike. Ndipo inu amayi a mwana, imbani foni kumudzi lero, muwapemphe akutumizireni chithunzi cha neti itamangidwa pamene mwanayo akagone.